Moni wa Idi Wochokera ku Joni: Zoyenera Kunena Potumiza Ndalama Kumudzi

Masiku khumi omaliza a Ramadhani akafika, mafoni a m'midzi yambiri ya ku Mulanje sachoka m'manja mwa eni ake. Mayi amapita nayo kudimba ataimangirira pansonga ya chitenje, gogo amatuma mdzukulu kuti akaiike pamoto kumsika, ndipo ikangolira aliyense pakhomo amatchera khutu. Onsewa akudikira chinthu chimodzi: uthenga wa mwana, mwamuna kapena mchimwene amene ali ku Joni, wonena kuti ndalama ya Idi yanyamuka.

Inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mukudziwa bwino kudikira kumeneku, chifukwa nakonso ndi mabanja ochepa amene alibe mbale wake kunja. Chodabwitsa n'chakuti m'makomo ena ndalama imafika ndithu, koma tsiku la Idi anthu amapita ku swala atakwiyirana. Mukafufuza bwino mupeza kuti nthawi zambiri vuto silikhala kuchepa kwa ndalamayo. Vuto limakhala mawu amene adabwera nayo, kapena amene adasowa. Nkhaniyi ikufotokoza zimene moni woyenda pamodzi ndi ndalama uyenera kunyamula, ndipo titsatira chitsanzo chimodzi cha ku Mulanje kuyambira pa malipiro mpaka pa mphika.

Kalata ya ku Wenela ndi mbiri ya matchona

Mwambo wotumiza moni pamodzi ndi ndalama sudayambe ndi foni. Ku Mulanje malo ambiri achonde ali pansi pa minda ya tiyi, pamene anthu m'bomali adapitirira 680,000 pa kalembera wa 2018. Kuchepa kwa malo olima kwakhala kukutulutsa amuna m'midzi kuyambira nthawi ya atsamunda: ena ku maesiteti, ena ku Halale, ena ku migodi ya ku South Africa kudzera ku bungwe la Wenela. Mpaka lero malo okwerera mabasi ku Blantyre amatchedwa Wenela chifukwa cha mbiri yomweyi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi adafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe kumudzi timati Theba, ndipo idatheratu mu 1988.

M'masiku amenewo gawo lina la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandire akabwerera kwawo. Ndalama ya pakatikati inkadzera ku positi ofesi kapena m'thumba la mnzake wobwerera kumudzi, pamodzi ndi kalata. Kalatayo nthawi zambiri inkawerengedwa mokweza ndi mwana wasukulu kapena mphunzitsi, banja lonse litakhala pamkeka. Apa pali phunziro limene tidalitaya osazindikira. Popeza kalata inkamveka m'makutu a onse, aliyense ankadziwa kuti zabwera zingati ndipo wapatsidwa ndani. Lero uthenga umalowa mufoni ya munthu mmodzi, iye yekha ndiye amauona, ndipo ena onse amangodalira zimene iye wanena.

Mawu oti mtchona nawonso adachokera m'mbiri imeneyi. Mtchona sadali munthu wokhalitsa kunja chabe, koma amene kalata zake zidasiya kufika. Anthu ankayeza munthu ndi mawu ake asanamuyeze ndi ndalama zake.

Chifukwa chake mawu oti "mugawane" amabala mkangano

Tiyerekeze bambo wina wochokera m'dera la Mfumu Yaikulu Mkanda ku Mulanje, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Durban. Monga mwa mwambo wa chikamwini umene Ayao, Alomwe ndi Amang'anja a m'bomali amatsata, mkazi wake ndi ana atatu amakhala kumudzi kwa mkaziyo, pafupi ndi makolo ake. Mayi a bamboyu amakhala m'mudzi wina pamodzi ndi alongo ake, omwe ndi mbumba imene iye amayembekezereka kuiyang'anira.

Choncho munthu mmodzi ali ndi makomo awiri omuyang'ana, ndipo makomo onse awiri ali ndi ufulu pa iye. Akatumiza ndalama kwa mkazi wake n'kulemba kuti, "Ndatumiza ya Idi, mugawane ndi amayi," wamusenzetsa mkaziyo katundu amene sangamuthe. Akapereka K20,000 kwa apongozi ake, alamu adzati wabisa zambiri. Akapereka theka, ana ake asowa zovala ndipo abale ake a iye mwini adzati ndi wopusa. Akatumiza kwa mlongo wake m'malo mwa mkazi, mkaziyo amamva ngati mlendo m'banja lake lomwe. Palibe woipa mtima pa anthu onsewa. Mwini ndalama ndiye wathawa ntchito yogawa n'kuisiyira munthu amene alibe mphamvu yogamula.

Pali chinthu chinanso chimene chimakuza kukayikirana masiku ano. Kuyambira pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu adazolowera kumva mitengo iwiri ya randi: wa kubanki ndi wa pamsewu, ndipo wa pamsewu umakhala wokwera. Bambo uja akangonena kuti "ndatumiza R2,000", mlongo wake amachulukitsa ndi mtengo umene adaumva kwa anyamata osintha ndalama ku Limbuli kapena ku Muloza, pamene mkazi walandira pa mtengo wa kampani yotumizira. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi kumaoneka ngati kuba, chonsecho palibe amene watenga kanthu. N'chifukwa chake moni wabwino umatchula makwacha amene afike m'manja, osati marandi amene achoka m'thumba. Wotumiza amawadziwa makwachawa, chifukwa makampani otumizira ndalama amamuonetsa chiwerengerocho asanalipire.

Tsiku lotumiza liwerengedwe chobwerera m'mbuyo

Idi ilibe deti yokhazikika pa kalendala ya malipiro. Chaka chilichonse imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11. Ya 2023 idali cha pa 22 Epulo, ya 2024 cha pa 11 Epulo, ya 2025 kumapeto kwa Malichi, ya 2026 cha pa 21 Malichi, ndipo m'zaka zotsatira ikulowera mu Febuluwale ndi Januwale. Zimenezi zili ndi zotsatira ziwiri.

Choyamba, wantchito wolandira kumapeto kwa mwezi amene Idi yake ikugwa pa 21 sangadikire malipiro a mwezi womwewo. Ndalama ya Idi iyenera kupatulidwa pa malipiro a mwezi wapitawo, Ramadhani itangoyamba. Amene sadawerengere zimenezi ndi amene amakongola kwa anzake masiku omaliza, kapena kutumiza Idi itadutsa.

Chachiwiri, Idi ikulowa m'miyezi ya njala, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha ndipo chimanga chimakwera mtengo. Pa nyengo yotere ndalama ya zovala za ana imapikisana ndi ufa wa mawa. Anthu a ku Mulanje adaziona kale zoterezi mu 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula nyumba, misewu ndi milatho pakati pa Malichi, Ramadhani n'kuyamba patangopita masiku ochepa. Pakhomo pamene denga lasasuka, ndalama ya chisangalalo imasanduka ya malata ndi chakudya. Wotumiza ayenera kufunsa kaye mmene zinthu zilili pakhomo asanagawe, ndipo anene poyera ngati akulola kuti ndalama isinthidwe ntchito.

Tsono tiwerenge chobwerera. Ramadhani imakhala masiku 29 kapena 30, ndipo palibe amene amadziwa motsimikiza mpaka mwezi utaoneka, choncho werengerani 29. Telala amafuna sabata kapena kuposerapo, chifukwa aliyense amamupititsira nsalu nthawi imodzi. Ulendo wokatenga ndalama ku Chitakale kapena kuboma umadya tsiku, ndipo ukalephereka umafuna tsiku lina. Zonsezi zikutanthauza kuti ndalama yofika pakati pa tsiku la 15 ndi la 20 la Ramadhani imagwira ntchito yonse, pamene yofika pa 28 imangogula zimene zatsala pamsika, pa mtengo wa tsiku lomaliza.

Kumbukiraninso kuti ngakhale Malawi ndi South Africa ali pa ola limodzi, zimatheka kuti maiko awiriwa aswali Idi masiku osiyana malinga ndi kuoneka kwa mwezi. Tsiku limene wotumiza ayenera kuliyang'ana ndi la kumudzi.

Njira imene ndalama ikudzera itchulidwe

Njira zodziwika ndi zitatu, ndipo iliyonse imafuna mawu ake mu uthenga.

Yoyamba ndi ya makampani ovomerezeka monga Mukuru, Hello Paisa ndi Mama Money. Wotumiza amalembetsa ndi chiphaso chake, amalemba dzina ndi nambala ya wolandira pafoni, kenako amalipira, nthawi zambiri patilu ya masitolo akuluakulu. Ngati ndalama ikatengedwe pamanja, wolandira amalandira nambala yapadera ndipo amapita nayo pamodzi ndi chiphaso chake cha unzika. Pano chimene chimabweza anthu ambiri chimanjamanja ndi dzina. Mayi amene mudzi wonse umamutchula ndi dzina la mwamuna wake amakhala kuti pachiphaso adalembetsa dzina la bambo ake. Maina athu nawonso amalembedwa mosiyanasiyana: Yusufu, Yusuf ndi Usufu, kapena Aisha, Ayisha ndi Asha. Wotumiza apemphe chithunzi cha chiphaso kamodzi kokha, akopere chilembo ndi chilembo, vutoli latha.

Yachiwiri ndi yakuti ndalama yomweyo ilowe mwachindunji mu Airtel Money kapena TNM Mpamba. Njirayi imapulumutsa ulendo wautali, koma ili ndi malire ake. Potapa ndalama pamakhala chodulidwa, ndipo ejenti wa pamsika waung'ono sakhala ndi ndalama zambiri m'kabati, makamaka madzulo a tsiku loti mawa ndi Idi pamene aliyense akutapa. Wolandira angafunike kutapa kawiri kapena kuyenda kwa maejenti awiri. Ngati foni imene ikulandira ndi ya mwana kapena ya mnansi, uthenga unene momveka kuti ndalamayo ndi ya ndani.

Yachitatu ndi ya pamanja: mnzake wobwerera kumudzi, dalaivala wa basi kapena matransipota amene amanyamula katundu kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Njirayi ndi yabwino pa katundu monga mabulangete, nsapato ndi mafuta ophikira, koma ulendo wake umatenga masiku ndipo pa chipata palibe amene angalonjeze ola lodutsira. Palinso amalonda ena amene amalandira marandi ku Joni n'kuuza mnzawo kuno kuti apereke makwacha pa mtengo wokwera. Kusinthana kotereku n'kosaloledwa ndi malamulo a dziko, kulibe lisiti, ndipo munthuyo akazimitsa foni mulibe kokadandaula. Amene watuma munthu pamanja atchule mu uthenga dzina lake, nambala yake, tsiku lonyamuka ndi mndandanda wa katundu, kuti wolandira awerenge wonyamulayo asanachoke.

Fitiri isasakanikirane ndi mphatso

Mu ndalama ya Idi muli gawo limodzi limene si la banja ayi, ndilo Zakatul Fitiri. Mwini banja amadziperekera yekha komanso amaperekera amene ali pa udindo wake wowadyetsa. Muyeso wake ndi saa imodzi ya chakudya chodalirika cha m'deralo pa munthu aliyense, yomwe ndi manja awiri odzaza kanayi, ndipo pasikelo imakhala pakati pa makilogalamu 2.5 ndi 3. Nthawi yake ndi swala ya Idi isanachitike.

Kwa munthu amene ali kunja pali mfundo zitatu zofunika kuzidziwa. Yoyamba ndi yakuti mu mazihabu a Imamu Shafi, amene Asilamu ambiri kuno akhala akutsata kuyambira kale, fitiri imaperekedwa ngati chakudya chenicheni ndipo imagawidwa kumene kuli munthu amene akuperekeredwayo. Choncho ya mkazi ndi ana iperekedwa ku Mulanje, pamene ya bamboyo iperekedwa ku Durban komwe ali. Mu mazihabu a Imamu Abu Hanifa, amene mizikiti yambiri ya ku Durban ndi Johannesburg imatsata, kupereka ndalama m'malo mwa chakudya n'kololedwa, ndipo kutumiza kwa abale osauka akutali nakonso n'kololedwa. Amene akufuna kuti fitiri yake ikaperekedwe kumudzi afunse shehe wake, kenako anene momveka mu uthenga kuti waiphatikiza kapena ayi, kuopa kuti ingaperekedwe kawiri kapena kusaperekedwa konse.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti fitiri siperekedwa kwa anthu amene kuwadyetsa ndi udindo wako kale, monga mkazi, ana aang'ono ndi makolo. Ndalama yopita kwa amayi ndi mphatso ndi chisamaliro, isawerengedwe ngati fitiri.

Mfundo yachitatu ndi yakuti zaka imayendera niya ya mwini wake. Bambo akauza mkazi wake kuti agule chimanga n'kupereka m'malo mwake, wamuika kukhala womuimirira. Apa ndi pamene tikuona kuti uthengawu suli ulemu chabe. Ndiwo umene umasandutsa ndalama wamba kukhala amana yokhala ndi dzina, mwini wake ndi nthawi yake.

Chitsanzo chonse, kuyambira ku Durban mpaka pamphika

Tibwerere kwa bambo wathu uja. Kuti masamu aphweke, tiyerekeze kuti atalipira zonse, kumudzi kufika K200,000. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza, inu muike ya pamsika wanu.

Asanatumize, waimbira mkazi wake pa tsiku la 12 la Ramadhani n'kufunsa zinthu zitatu: ufa ulipo wokwana mpaka liti, chimanga ndi mpunga zili pa mtengo wanji, ndiponso ana akusowa chiyani. Atamva mayankho wagawa motere. Fitiri ya anthu anayi, mkazi ndi ana atatu, ndi makilogalamu 12 akawerengera 3 pa munthu, ndipo waikira K20,000. Amayi ake awapatsa K40,000 ndipo apongozi ake K15,000. Zovala za ana atatu K60,000. Mpunga, nyama, mafuta ndi shuga za tsikulo K50,000. Ulendo wokatenga ndalama ndi chodulidwa potapa K10,000. Zotsala K5,000 ndi za ana obwera kudzapereka moni pakhomo. Zonse pamodzi zakwana K200,000.

Taonani kuti waika padera ndalama ya ulendo ndi yodulidwa. Ambiri amaiwala gawoli, ndiye wolandira amalichotsa pa gawo la wina, ndipo mkangano umayambira pomwepo.

Pa tsiku la 16 watumiza, ndipo walemba uthenga uwu kwa mkazi wake:

"Asalamu alaikumu, mayi a ana. Ine kuno ndili bwino, alihamudulillahi, ntchito ikuyenda ndipo swaumu ndikuitha. Kaya inu ndi ana mwadzuka bwanji? Chifuwa cha wamng'ono uja chatha? Mundiperekere moni kwa apongozi onse awiri ndi alamu anga.

"Lero ndatumiza ya Idi m'dzina lanu monga lilili pachiphaso. Mulandira K200,000. Nambala yokatengera ndikuuzani ndikaimba madzulo ano tikamasula. Mugawe chonchi: K20,000 mugule chimanga makilogalamu 12, ndi fitiri yanu ndi ana atatu, mundiperekere swala ya Idi isanakwane. Yanga ndipereka konkuno. Amayi K40,000, achemwali abwera kudzatenga Lachisanu. Apongozi K15,000. Zovala za ana K60,000. Chakudya cha tsikulo K50,000. Ulendo wanu ndi chodulidwa K10,000. K5,000 ya ana odzapereka moni. Ufa ukaperewera, chotsani pa zovala, koma fitiri ndi ya amayi musakhudze.

"Chaka chino zachepa poyerekeza ndi chatha chifukwa lendi idakwera. Za malata tikambirana Idi ikapita. Mukalandira mundiuze kuti zakwana zingati. Mundikhululukire pamene ndidakulakwirani, ndipo muzindikumbukira m'maduwa. Idi Mubaraka."

Uthengawu uli ndi dongosolo lake. Wayamba ndi moyo wa anthu asanafike pa ndalama, ndipo wafunsa chinthu chenicheni cha pakhomo, chifuwa cha mwana, zimene zikusonyeza kuti amamvetsera zimene amauzidwa. Watchula makwacha, wagawa yekha, ndipo wanena gawo limene lingasinthe ndi limene lisasinthe. Wafotokoza chifukwa chake ndalama yachepa, kuti pasakhale wolingalira kuti ali ndi banja lina kunjako. Watsekanso nkhani ya malata kuti isalowerere ndalama ya Idi.

Koma ntchito sidathe. Amayi ake sawerenga, ndipo sayenera kumva za gawo lawo kudzera kwa mpongozi yekha. Choncho wajambula uthenga wa mawu n'kuutumiza pafoni ya mlongo wake: "Amayi, asalamu alaikumu. Ndine mwana wanu, ndili bwino. Ndatumiza kangachepe ka Idi, K40,000 ndi yanu, ili kwa apongozi anu. Achemwali akatenge Lachisanu. Mugule nsalu ndi shuga, ndipo mundipemphere duwa." Atero m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chichewa, chilankhulo chimene amayiwo adamulera nacho. Mwa njira imeneyi chiwerengero chimodzi chamveka m'makomo awiri kuchokera pakamwa pa mwini wake, monga zinkachitikira kalata ikawerengedwa pamkeka. Manambala ndi abwino kuwalemba kuti asaiwalike, koma moni wa kholo ndi wabwino kuulankhula kuti amve mawu a mwana wake.

Kudziwa moni wabodza

Akuba a pafoni amadziwa nyengo imene mabanja akudikira ndalama, ndipo amabisala m'moni womwewu. Uthenga umabwera pa nambala yachilendo, mwina yoyamba ndi +27 kuti ioneke ya ku South Africa, n'kunena kuti foni yakale yatayika. Kenako umati katundu wa Idi wagwidwa pachipata cha Mwanza ndipo mutumize ndalama mwachangu kuti aomboledwe. Ena amatumiza uthenga wooneka ngati ndalama zalowa mufoni yanu, n'kuimba modandaula kuti zalowa molakwika, muzibweze. Enanso amadzitcha ogwira ntchito kukampani n'kupempha nambala yanu yachinsinsi kapena nambala yokatengera ndalama.

Zizindikiro zake zimafanana: nambala yatsopano, kufulumizitsa, kukana kulankhula pafoni, ndi kupempha kuti inu muyambe mwatumiza. Ndalama yeniyeni yochokera kunja sifuna kuti wolandira alipire kaye kwa munthu wina. Mukakayika, imbani nambala yakale, kapena funsani mnzake amene amakhala naye. Funsani funso limene mlendo sangaliyankhe, monga dzina la dimba la agogo. Ndipo musanabweze chilichonse, onani nokha ndalama zimene zili mufoni poimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, osadalira uthenga umene mwalandira.

Apa ndi pamene moni wautali, wodzaza maina a ana ndi nkhani za pakhomo, umakhala chitetezo. Banja limene lidazolowera mmene mwana wawo amaperekera moni limazindikira msanga mawu a mlendo. N'chifukwa chakenso bambo uja sadalembe nambala yokatengera ndalama mu uthenga wa moni. Moni umazungulira, umatumizidwa pa gulu la banja la WhatsApp ndipo umamvedwa pafoni zobwereka. Nambala yokatengera ipite kwa wolandira yekha.

Yankho lochokera kumudzi

Moni umakwanira ukayankhidwa. Wolandira anene tsiku lomwelo kuti ndalama yafika ndipo atchule chiwerengero chenicheni chimene wagwira m'manja. Ngati chasiyana ndi chimene chidanenedwa, vutolo limakonzeka msanga lisiti ikadalipo. Fitiri ikaperekedwa amuuzenso, chifukwa udindowo uli pa iye mpaka utakwaniritsidwa. Amayi nawo amveke okha kuti gawo lawo alandira.

Chinthu chimodzi chopewa ndicho kuyankha moni wa Idi ndi mndandanda wa zosowa zatsopano. Munthu amene wamana mimba yake kuti atumize, akangomva kuti "nanga fizi, nanga feteleza" asanamve zikomo, chaka chamawa amaopa kuimba. Zosowazo ndi zenizeni, koma zipatseni tsiku lake. Tsiku la Idi mutumizireni chithunzi cha ana atavala zovala zija, chifukwa mwina iye akaswali m'mawa n'kubwerera kukaima patilu tsiku lonse, popeza ku South Africa Idi si tsiku la tchuti cha boma.

Chaka chimene m'thumba mulibe

Pali zaka zimene munthu amakhala alibe chotumiza. Ntchito yatha, wadwala, kapena mapepala amuvuta. Ambiri zikatero amazimitsa foni chifukwa cha manyazi, poganiza kuti moni wopanda ndalama ndi chipongwe. Koma kumudzi kukhala chete kumamasuliridwa moipa kwambiri. Anthu akukumbukira zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi za ku Durban mu Epulo 2015, pamene boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Akudziwanso za Lindela, kumene osowa mapepala amasungidwa asanabwezedwe kwawo. Mayi amene foni ya mwana wake yazima sabata ya Idi saganiza za mpunga, amaganiza za ndende ndi maliro.

Moni wa chaka chotero ukhale waufupi koma ufike msanga, Ramadhani isanafike pakati: ndili moyo, ndili malo akuti, chaka chino sinditha kutumiza, musakongole podalira ine. Mawu omalizawa ndi ofunika kwambiri, chifukwa mabanja ambiri amatenga nsalu ndi mpunga pangongole poyembekezera ndalama ya ku Joni. Kuuzidwa msanga kumawapulumutsa ku ngongole imene ikadawatsata mpaka nthawi yokolola. Ndipo fitiri simkakamiza munthu amene alibe chotsala pamwamba pa chakudya cha iye ndi banja lake cha usiku ndi tsiku la Idi, choncho pamenepa palibe chochititsa manyazi.

Amene ali kumudzi nawo ali ndi mbali yawo. Mbale wanu akakhala chete, yambani ndinu kupereka moni, ndipo mu uthenga woyambawo musatchule za ndalama. Muuzeni za mvula, za ana ndi za amene akumufunsa kumzikiti. Matchona ambiri adayamba ndi Idi imodzi imene adasowa chotumiza, kenako yachiwiri idawavuta kuimba chifukwa cha yoyambayo. Foni imodzi yochokera kumudzi, yongofunsa kuti "mwamasula bwanji kumeneko", imatha kudula mzere umenewo usanatalike.

Allah alandire swaumu yathu ndi yanu, awasunge amene ali pa ulendo, ndipo aike baraka pa zochepa ndi zambiri zimene zikufika m'makomo mwathu.